Kuika mtengo pa nsawa zogulitsa kunja kuchokera ku Chadiza pamene kwacha ikusinthasintha mphamvu

Wamalonda wa mbewu wa m'boma la Chadiza amalipira pafupifupi zonse m'kwacha ya Zambia, kuyambira kwa mlimi amene wamugulitsa nsawa mpaka kwa amayi amene amazisankha pansi pa shedi, koma akafuna kugulitsa kunja kwa dziko amalandira ndalama ina, ndipo amailandira patapita masabata kapena miyezi kuchokera pa tsiku limene anatchula mtengo. Njira zake zotulukira n'ziwiri: ya kumwera, yodzera pamalire a Chanida kulowa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumene ndalama yake ndi metikali, ndi ya kumpoto, yodzera mumzinda wa Chipata ndi pamalire a Mwami kulowa ku Mchinji mpaka ku Lilongwe, kumene ndalama yake ndi kwacha ya Malawi. Pamwamba pa ndalama zitatuzi pali dola ya America, imene mapangano ambiri a katundu wochuluka amalembedwamo. Mtengo wabwino wogulitsira kunja uli ndi magawo atatu amene ayenera kuwerengedwa paokhapaokha: ndalama zonse zimene zalowa pa katunduyo, phindu la wogulitsa, ndi ndalama yachitetezo yophimba kusintha kwa mtengo wosinthira ndalama. Amalonda ambiri amaphatikiza magawo awiri omalizawa n'kuwatcha phindu, ndipo kuphatikiza kumeneku ndiko kumawachititsa kuganiza kuti apindula pamene angobweza mpamba wawo.

Kuti nkhaniyi imveke, ndi bwino kutsata mtolo umodzi kuchokera kumudzi mpaka ku banki. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo, osankhidwa kuti kawerengedwe kaoneke bwino, ndipo wamalonda aliyense ayenera kuikamo ake a nyengo imene akugulitsa. Wogula wa ku Lilongwe akufuna matani 30 a nsawa zosenda, kutanthauza matumba 600 a makilogalamu 50, ndipo alipira patatha masiku 60 kuchokera pamene wogulitsa wayamba kugula mbewu kwa alimi.

Cholakwa choyamba chimachitikira pa sikelo, nkhani ya ndalama zakunja isanayambe n'komwe. Kuti wamalonda apereke matani 30 a nsawa zoyera, sangagule matani 30 okha, chifukwa nsawa zikafika m'nyumba yosungiramo katundu zimapitiriza kuuma n'kupepuka, ndipo osankha amachotsamo zosweka, zofota, timiyala ndi zonse zimene zaoneka ndi chuku. Chukuchi ndicho chimabweretsa poizoni wotchedwa afulatokisini, amene ogula a kunja amayeza asanavomere katundu, choncho kusankha sikungadumphidwe pofuna kusunga ndalama. Ngati pa matani 31.5 ogulidwa patayika tani imodzi ndi theka, ndipo mtengo kwa mlimi unali K18 pa kilogalamu, ndiye kuti nsawa zimene zikwere lole zadya K567,000, ndipo kilogalamu iliyonse yogulitsidwa yafika kale pa K18.90. Pamenepa pawonjezedwe K21,000 ya osankha, matumba atsopano ndi kusoka, K24,000 yotutira mbewu kuchokera m'midzi, lendi ya nyumba yosungiramo ndi msonkho wa kukhonsolo, komanso K12,000 ya mapepala. Mapepalawa ndi chilolezo chotulutsira mbewu chochokera ku Unduna wa Zamalimidwe, chikalata chotsimikizira kuti mbewuyo ilibe tizirombo ndi matenda, zotsatira za kuyeza afulatokisini, ndi malipiro a munthu woyendetsa mapepala a katundu kwa a msonkho pamalire. Zonsezi pamodzi zikukwana K624,000.

Pali ndalama ina imene siioneka pa lisiti lililonse koma imatuluka m'thumba ndithu, ndiyo chiwongoladzanja cha mpamba umene wamangika m'matumba kwa miyezi iwiri. Ngati ngongole ili pa 30 peresenti pachaka, miyezi iwiri imadya 5 peresenti, kutanthauza K31,200, ndipo ndalama zonse za m'kwacha zikufika pa K655,200. Ngakhale wamalonda atagwiritsa ntchito ndalama zake osakongola kwa aliyense, ayenera kuwerengera ndalamayi, chifukwa mpamba womwewo ukanatha kugula soya kapena mpendadzuwa n'kuzungulira kawiri pa nthawi yomweyo. Chotsala ndi lole yonyamula katundu mpaka ku Lilongwe, imene m'chitsanzochi mwini wake watchula madola 1,500. Ndalama ya loleyi iikidwe pambali, isasakanizidwe ndi za m'kwacha, ndipo chifukwa chake chioneka posachedwa. Iyeneranso kulowa m'mtengo pokhapokha ngati pangano likunena kuti wogulitsa ndiye akafikitse katundu pakhomo la wogula, zimene m'mapepala a malonda a pakati pa mayiko zimalembedwa DAP, kusiyana ndi FCA, imene imatanthauza kuti udindo wa wogulitsa umatha akapereka katundu kwa wonyamula wosankhidwa ndi wogula pamalo amene agwirizana. Mikangano yambiri ya mitengo imakhala yoti wina akunena za nsawa zili ku Chadiza pamene mnzake akunena za nsawa zili ku Lilongwe.

Tsopano ndalama za m'kwacha zija ziyenera kusandutsidwa madola, ndipo funso n'lakuti pagwiritsidwe ntchito mtengo uti wosinthira. Banki iliyonse imakhala ndi mitengo iwiri tsiku lililonse, wina umene imagulira dola kwa anthu ndi wina wokwererapo umene imagulitsira, ndipo mtengo umene umamveka pa wailesi nthawi zambiri umakhala wa pakati pa iwiriyi, umene palibe amene amalandira kapena kulipira. Wogulitsa katundu kunja adzabwera ndi madola kudzagulitsa ku banki, choncho wake ndi mtengo wotsika uja. Ngati banki ikugula dola pa K24.00 n'kumagulitsa pa K24.50, K655,200 igawidwe ndi 24.00, zimene zikupereka madola 27,300. Amene angagawe ndi 24.50 adzapeza madola 26,743, ndipo adzakhala atadzinamiza kuti katundu wake ndi wotsika mtengo ndi madola 557, omwe ndi ndalama zopitirira K13,000 zotayika asanayambe n'kukambirana ndi wogula. Pa madola 27,300 aja pakawonjezedwa 1,500 ya lole, mtolo wonse wadya madola 28,800, kapena madola 960 pa tani.

Phindu nalo lili ndi msampha wake wa masamu. Wamalonda akanena kuti akufuna phindu la 10 peresenti, ayenera kudziwa ngati akunena za gawo la ndalama zimene walowetsa kapena gawo la mtengo wogulitsira. Kuwonjezera 10 peresenti pa 960 kumapereka madola 1,056, koma madola 96 a pamwambawo ndi 9.1 peresenti yokha ya mtengo wogulitsira. Kuti pa dola iliyonse yolandiridwa gawo limodzi mwa magawo khumi likhale phindu, 960 igawidwe ndi 0.90, ndipo mtengo ukhala madola 1,067 pa tani. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma kumakhala kofunika pamene wina, monga mkhalapakati amene anapeza wogula, akulandira gawo lake kuchokera pa mtengo wogulitsira. Pa mtengo wa madola 1,067, matani 30 abweretsa madola 32,010, ndipo akachotsapo ya lole patsala madola 30,510, amene pa K24.00 ndi K732,240. Phindu ndi K77,040, koma limakhala lotero pokhapokha ngati tsiku lolandira ndalama dola idzakhale ikugulidwabe pa K24.00.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthu a ku Zambia anazolowera kuopa kugwa kwa kwacha, ndipo ali ndi zifukwa zomveka, popeza mu 2015 kwacha inataya pafupifupi theka la mphamvu zake, ndipo inagwanso kwambiri mu 2020, chaka chimene dziko linalephera kulipira ngongole zake zina zakunja. Koma kwa munthu amene walipira alimi m'kwacha ndipo akudikira madola, kugwa kwa kwacha kumamuwonjezera ndalama. Chimene chimamupweteka ndi kukwera mphamvu kwa kwacha, ndipo zimenezi zachitikapo mofulumira, komanso pa nyengo yeniyeni yogulitsa mbewu. Mu Julaye 2021 dola inkagulidwa ndi makwacha opitirira 22, koma pofika kumayambiriro kwa Seputembala chaka chomwecho, zisankho za mu Ogasiti zitadutsa ndiponso nkhokwe ya ndalama zakunja itawonjezeredwa ndi bungwe la IMF, inali itatsika kufika pafupifupi K16. Mu 2025 dola inachoka pa makwacha pafupifupi 28 m'miyezi yoyambirira ya chaka n'kufika cha m'ma 23 pakati pa chaka. Zimene zimayendetsa mtengowu, monga mtengo wa kopa pa msika wa dziko lonse, nthawi imene migodi ikulipira misonkho, kukambirana za ngongole za boma ndi zigamulo za Banki Yaikulu ya Zambia, palibe ndi chimodzi chomwe chimene wamalonda wa ku Chadiza angachisinthe kapena kuchilosera molondola.

M'chitsanzo chija, dola ikatsika kuchoka pa K24.00 kufika pa K22.40, kumene ndi kusintha kosakwana 7 peresenti, madola 30,510 aja abweretsa K683,424, ndipo phindu litsika kuchoka pa K77,040 kufika pa K28,224. Kusintha kochepa kwa mtengo wa dola kwadya pafupifupi magawo awiri mwa atatu a phindu, ndipo chifukwa chake n'chakuti kusinthako kumagwera pa ndalama zonse zolandiridwa pamene phindu ndi kagawo kakang'ono chabe ka ndalamazo. Wamalonda aliyense asanasaine pangano ayenera kudziwa nambala imodzi, yomwe ndi mtengo wa dola umene phindu lake limathera: ndalama za m'kwacha zigawidwe ndi madola otsala akachotsa zolipira za m'madola. Pano 655,200 kugawa ndi 30,510 ikupereka K21.47. Dola ikatsika kupitirira pamenepo, mpamba weniweniwo wayamba kudyeka.

Njira yolongosoka yoikira ndalama yachitetezo si kungowonjezera peresenti ina iliyonse pamwamba pa mtengo, koma kuwerengeranso ndalama za m'kwacha pa mtengo wa dola woipirapo, umene wogulitsa akuona kuti ungafikidwe ndalama isanalowe. Ngati wasankha K22.40, K655,200 ikukhala madola 29,250. Ya lole ija siisintha, chifukwa idzalipiridwa m'madola kuchokera pa madola omwewo, ndipo ichi ndi chifukwa chake inaikidwa pambali: ndalama iliyonse yolipiridwa m'ndalama yofanana ndi imene wogulitsa adzalandire siifunika kutetezedwa. Mtolo wonse ukufika pa madola 30,750, kapena 1,025 pa tani, ndipo ukagawidwa ndi 0.90 mtengo wotchulira wogula ndi madola 1,139. Madola 72 amene akusiyanitsa 1,139 ndi 1,067 ndiwo chitetezo, ndipo pa mtengo watsopanowu phindu silingathe mpaka dola itatsika kufika cha pa K20.06. Kawerengedwe konse kangalembedwe mwachidule chonchi:

```
mtengo = (zolipira za m'kwacha / mtengo woipirapo wa dola
          + zolipira za m'madola) / matani / (1 - phindu)
```

Kusankha mtengo woipirapowo kumafuna kuona kutalika kwa nthawi imene wogulitsa akhale akudikira, ndiponso mmene kwacha yakhala ikuyendera pa nthawi zotalika chimodzimodzi. Banki Yaikulu ya Zambia imalengeza mitengo ya tsiku ndi tsiku, ndipo munthu amene wailemba m'kope kwa chaka chimodzi kapena ziwiri angathe kuona kuti pa miyezi iwiri iliyonse dola inatsikapo ndi zingati. Nthawi yowerengera siiyambira pa tsiku limene lole yanyamuka, koma pa tsiku limene mtengo watchulidwa, ndipo imathera pa tsiku limene madola asandulika makwacha. Choncho chitetezo cha katundu wolipiridwa m'masiku 14 sichingafanane ndi cha katundu wodikira masiku 90. Chitetezochi chikapanda kugwira ntchito chifukwa dola sinatsike, sichiyenera kuyesedwa phindu lodyera pomwepo. Chili ngati chimanga chosiyidwa pansi pa nkhokwe, chimene chimadikira chaka cha njala, ndipo malo ake ndi m'buku losiyana, kuti chidzaphimbe mtolo wina umene udzagwe m'mavuto. Ngakhale ndalama yowonjezera imene imabwera kwacha ikagwa siikhala phindu yonse, chifukwa mafuta a galimoto ndi matumba zimakwera mtengo motsatira dola, ndipo mtolo wotsatira udzafuna mpamba wokulirapo.

Zinthu zimasintha kwambiri wogula akapempha kuti mtengo ulembedwe m'ndalama ya kwawo. Kwacha ya Malawi siiyenda pang'onopang'ono monga ya Zambia. Banki yaikulu ya kumeneko imaigwira pamalo amodzi kwa nthawi, kenako n'kuitsitsa tsiku limodzi, monga zinachitikira mu Meyi 2022 pamene inatsitsidwa ndi 25 peresenti, komanso mu Novembala 2023 pamene dola inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Munthu amene akanalemba mtengo wa madola 1,067 m'kwacha ya Malawi masiku ochepa izi zisanachitike, akanatchula pafupifupi makwacha 1,259,000 pa tani, ndipo ndalama yomweyo pambuyo pake ikanangogula madola 741, pamene tani iliyonse inamudyera madola 960. Palibe chitetezo cha 5 kapena 7 peresenti chimene chingaphimbe dzenje lotere, ndipo wogulitsa amene angaike 40 peresenti pamwamba sadzapeza wogula. Chizindikiro cha ngozi yotereyi chimaoneka msanga kwa amene akuyang'ana: mtengo wa dola ku banki ukasiyana kwambiri ndi umene anthu akusinthira kunja kwa banki, ndipo ogula akayamba kunena kuti makwacha ali nawo koma banki sinawapatsebe madola, ndiye kuti mtengo wa ku bankiwo si wowerengerapo. Yankho lake ndi kulemba pangano m'madola kapena m'kwacha ya Zambia, ngakhale kuti zimenezi zimangosamutsira vuto ku nthawi, chifukwa wogula wosowa madola amachedwa kulipira, ndipo sabata iliyonse yochedwa imawonjezera chiwongoladzanja komanso imatalikitsa nthawi imene dola ingatsikire. Ku Tete nkhani ndi yopepukirapo, popeza metikali yakhala pafupi ndi 64 pa dola kuyambira mu 2021, kotero kuti chosinthasintha chachikulu pa njira ya Chanida chimakhala mtengo wa kwacha ya Zambia poyerekeza ndi dola.

Kuchedwaku kulinso ndi mbali ya lamulo. Kuyambira pa 1 Januwale 2024, Banki Yaikulu ya Zambia imafuna kuti ndalama za katundu wogulitsidwa kunja zilowe mu akaunti ya banki ya m'dziko muno pasanathe masiku 90 kuchokera pamene katunduyo watuluka, motero wogulitsa sangapatse wogula nthawi yaitali mmene angafunire. Amalonda ang'onoang'ono odzera pa Mwami ali ndi njira yofewetsedwa ya COMESA, ya katundu wosapitirira madola 2,000, koma mtolo wa matani 30 uli kutali ndi malire amenewo, ndiponso Mozambique siili m'bungwe la COMESA.

Chitetezo chilinso ndi polekezera pake, chifukwa wogula ali ndi kwina kopezako katundu. Wa ku Lilongwe wazunguliridwa ndi alimi a nsawa a ku Mchinji ndi ku Kasungu, ndipo ngati angapeze tani pa madola 1,090, sadzalipira 1,139 pongofuna kuti wamalonda wa ku Chadiza agone tulo. Zikatero kawerengedwe kayenera kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo: pa mtengo umene msika ukulola pachotsedwe phindu, ya lole ndi zolipira zina, pa mtengo woipirapo uja wa dola, kuti zotsalazo zisonyeze mtengo wapamwamba umene nsawa zingagulidwire kumudzi. Mtengowo ukakhala wotsika kuposa umene alimi akulandira kwa ogula ena, malondawo palibepo, ndipo kuli bwino kugulitsa m'dziko momwemuno kusiyana ndi kufuna kubweza chitetezo popondereza mlimi pa sikelo, amene sanatengeko mbali pa pangano la madolalo ndipo sadzaona kanthu dola ikakwera.

Njira yabwino kuposa kukweza mtengo ndi kuchepetsa ndalama imene ili pangozi, ndiponso kufupikitsa nthawi imene ikhale pangozipo. Kalata yotchula mtengo ilembedwe kuti mtengowo ukugwira ntchito masiku asanu ndi awiri okha, kuti wogula asausunge mwezi wathunthu n'kudzauvomera pamene zinthu zamukomera iye. Wogula akalipiriratu theka, ndipo wogulitsa n'kusintha madolawo nthawi yomweyo kuti agulire mbewu, gawo limene latsala pangozi ndi theka lokha, ndipo chitetezo cha madola 72 chija chingatsike kufika cha m'ma 36, chiwongoladzanja nachonso n'kutsika. Pangano lingathenso kunena kuti dola ikatsika kapena kukwera kupitirira malire ogwirizana, mwachitsanzo 3 peresenti, mbali ziwirizo zidzagawana zotsatira zake. Amalonda okulirapo angapemphe banki kuti igwirizane nawo lero mtengo umene idzawagulire madola pa tsiku lina lam'tsogolo, ndipo pamenepo chitetezo sichifunikanso, koma panganolo limamanga mbali zonse: wogulitsa sadzapindula dola ikakwera, ndipo adzayenera kupereka madolawo pa tsiku lake ngakhale wogula atachedwa kapena katundu atakanidwa pamalire. Kwa wamalonda amene akugulitsa kwa wogula watsopano, pangano lotereli lingamuike m'mavuto aakulu kuposa amene akuthawa.

Kwa amalonda ndi magulu a alimi a ku Chadiza, amene ambiri amatulutsa lole imodzi kapena ziwiri pa nyengo, njira zodalirika ndi zimene sizifuna pangano lotere ndi banki: mtengo wa masiku ochepa, theka la ndalama lisanakwere thumba ngakhale limodzi, pangano la m'madola kapena m'kwacha ya Zambia, ndi chitetezo chowerengedwa pa gawo lotsalalo. Wogula amene akukana kulipiriratu kalikonse, n'kukananso mtengo wokhala ndi chitetezo, akupempha wogulitsa kuti asenze yekha ngozi yonse ya miyezi iwiri pa phindu limene lingathe dola ikatsika ndi K2.53 yokha, ndipo pangano lotero si loyenera kusainidwa.